Mayunitsi Kapena Kontirakiti: Njira Ziwiri Zolipirira Foni ndi Intaneti

Makampani a foni ndi intaneti amalandira ndalama kwa makasitomala awo m'njira ziwiri zikuluzikulu. Njira yoyamba ndi yolipiriratu. Munthu amagula mayunitsi kapena bandulo, amaimba foni ndi kugwiritsa ntchito intaneti mpaka zimene wagulazo zitatha, ndipo akafuna kupitiriza amagulanso zina. Njira yachiwiri ndi ya kontirakiti. Apa munthu amasayinirana pangano ndi kampani kuti azilipira ndalama yokhazikika mwezi uliwonse kwa nthawi imene agwirizana, kawirikawiri miyezi 12 kapena 24, ndipo kampaniyo imamupatsa mphindi zoimbira, mauthenga ndi deta ya mlingo wodziwika pamwezi. Pa mafomu ndi zikwangwani za makampani, njira yoyamba imalembedwa kuti Prepaid, yachiwiri Postpaid.

Netiweki yake ndi imodzimodzi, nsanja zake ndi zomwezo. Chimene chimasiyana ndi nthawi yolipira komanso amene amaluza zinthu zikapanda kuyenda monga momwe amaganizira. Wolipiriratu amagula modula pang'ono, koma ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse. Wa kontirakiti amagula motchipa, koma walonjeza ndalama za miyezi imene sanaione. Motero njira yotchipa kwa munthu mmodzi ikhoza kukhala yodula kwa mnzake, ndipo kusiyanako kumaoneka pokhapokha munthu atakhala pansi n'kuwerengera.

Kumene njira ziwirizi zinachokera

Mafoni a m'manja atangoyamba, pafupifupi aliyense ankalipira ngati mmene ankachitira ndi lamya za m'nyumba: kuimba mwezi wonse, bilu n'kubwera pambuyo. Popeza kampani inkakhala ngati ikukongoza munthu, inkafuna umboni wakuti adzalipiradi. Wofuna nambala ankayenera kukhala ndi ntchito yodziwika, akaunti ya kubanki ndi keyala yokhazikika. Mlimi, wogulitsa pamsika ndi mwana wasukulu analibe polowera.

Makhadi olipiriratu ndiwo anatsegula khomo. Kampani ya TMN ya ku Portugal inayamba kugulitsa khadi lotere lotchedwa Mimo mu 1995, ndipo mu 1996 kampani ya Vodacom inayambitsa Vodago ku South Africa. Kwa kampani, phindu la njira yatsopanoyi linali loonekeratu. Munthu amene walipira kale sangathawe ndi ngongole, choncho panalibenso chifukwa chofufuzira mbiri yake kapena kumutumizira bilu.

Ku Malawi, kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel inabwera mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain kenako Airtel. Mafoni anafalikira mpaka kumidzi chifukwa cha makhadi a mayunitsi a ndalama zochepa ogulitsidwa m'maokala ndi m'mphepete mwa misewu. Lero anthu ambiri m'dziko muno, monganso m'maiko ambiri a mu Africa, ali pa njira yolipiriratu. Makontirakiti amapezeka kwambiri m'makampani, m'mabungwe, m'maofesi a boma, ndi kwa anthu amene alumikiza intaneti ya m'nyumba kapena ya pabizinesi.

Ubwino ndi mtengo wobisika wa kulipiriratu

Wolipiriratu amangofunika simukhadi yolembetsedwa m'dzina lake. Ku Malawi kulembetsa nambala kwakhala kokakamiza kuyambira mu 2018, ndipo nzika zimagwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Akatero amathira mayunitsi kudzera pa khadi, kwa ejenti, kubanki, kapena pa Mpamba ndi Airtel Money. Mayunitsiwo akhoza kuwagwiritsa ntchito momwe alili, kapena kuguliramo bandulo ya mphindi kapena ya deta.

Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti ndalama imene yatuluka m'thumba ndiyo malire. Palibe bilu yodzidzimutsa pakutha pa mwezi. Mwezi wa mavuto munthu akhoza kungokhala osathira kanthu, n'kumalandirabe mafoni. Akaona kuti netiweki ina ikugwira bwino kumene akukhala, kapena yatsitsa mitengo, amasamukirako popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. N'chifukwa chake mafoni olowa simukhadi ziwiri ali ponseponse.

Komabe ufuluwu uli ndi mtengo wake, ndipo umabisala m'malo atatu. Poyamba, bandulo yaing'ono imadula kuposa yaikulu munthu akawerengera pa gigabaiti iliyonse. Zili ngati kugula shuga wa m'timapepala ta paokala m'malo mwa paketi yathunthu: ndalama ya tsikulo ndi yochepa, koma pofika kumapeto kwa mwezi wagula shuga wochepa pa ndalama zambiri. Amene amapeza ndalama za tsiku ndi tsiku ndiye amakakamizika kugula motere, kotero wosauka amalipira zambiri pa deta yofanana ndi ya mnzake wopeza bwino.

Chachiwiri, bandulo imakhala ndi nthawi yake. Ya tsiku, ya sabata kapena ya mwezi ikafika pothera, deta yotsala imapita, pokhapokha ngati malamulo a banduloyo amalola kuisunga pogula ina nthawi isanakwane. Chachitatu, bandulo ikatha intaneti ili yoyatsa, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi a pa akaunti pa mtengo wa kunja kwa bandulo, umene nthawi zambiri umakhala wokwera kwambiri. Anthu ambiri amene amadandaula kuti mayunitsi awo angosowa amakhala kuti agwa m'mbuna imeneyi.

Palinso ngongole za mayunitsi, monga Pasavute wa TNM ndi Kutapa wa Airtel. Zimathandiza pakagwa zadzidzidzi, koma kampani imadulapo kangachepe pa ngongole iliyonse. Munthu amene amabwereka sabata iliyonse amalipira kangachepeko maulendo oposa 50 pachaka, ndipo wataya kale ubwino wa njira imene imayenera kumuteteza ku ngongole.

Zimene munthu amalonjeza akasayina kontirakiti

Kontirakiti ndi ngongole ya mtundu wina, choncho kampani imayamba yafufuza. Imafuna chiphaso, umboni wa malipiro kapena sitetimenti ya kubanki, umboni wa kumene munthu akukhala, ndipo nthawi zina dipoziti. M'maiko ngati South Africa ndi Britain imayang'ananso mbiri ya munthuyo ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Ikakhutira, ndalama ya mwezi imadulidwa kubanki pa tsiku limene agwirizana, kapena bilu imatumizidwa kuti ilipiridwe pasanadutse masiku oikika.

Kampani imatsitsa mtengo kwa wa kontirakiti pa chifukwa chomveka. Ikudziwa kuti ndalama yake ibwera mwezi ndi mwezi, siyilipira ejenti pa khadi lililonse, ndipo kasitomalayo sathawira kwa opikisana nayo mawa. Gawo la phindu limeneli imabwezera kwa kasitomala mwa deta yambiri, mphindi zambiri, kapena chipangizo ngati foni ndi rauta chimene amalipira pang'onopang'ono.

Kasitomalayo amapezanso mtendere wa mtundu wina. Foni siduka pakati pa nkhani yofunika chifukwa mayunitsi atha. Pabizinesi, bilu imodzi ya mwezi imalowa bwino m'mabuku a ndalama kusiyana ndi timalisiti ta mayunitsi tambirimbiri. Pa intaneti ya waya kapena ya fayiba, kampani imawononga ndalama zambiri kukumba ngalande ndi kukoka waya kufika panyumba, ndiye pangano la miyezi ingapo limakhala njira yobwezera ndalamazo popanda kuuza kasitomala kuti alipire zonse tsiku loyamba.

Mbali yolemera ndi yakuti lonjezo silisintha moyo ukasintha. Ntchito ikatha, munthu akadwala, akasamukira kudera kumene netiweki ya kampaniyo sigwira bwino, bilu imabwerabe. Wofuna kutuluka nthawi isanakwane amalipira chindapusa, ndipo ngati anatenga chipangizo amalipiranso ndalama yotsala ya chipangizocho. Wolephera kulipira amadulidwa, ngongole imapita kwa otolera ngongole, ndipo dzina lake likhoza kuipa moti mawa banki n'kumukaniza ngongole ya chinthu chofunika kuposa foni.

Kuwerengera mtengo weniweni

Mitengo imasintha kawirikawiri, choncho manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekezera, osankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Njira yowerengerayo ndi imene imagwira pa mitengo iliyonse ya tsikulo.

Mayi wina wosoka zovala amatumiza zithunzi kwa makasitomala pa WhatsApp, amaonera mavidiyo a masitayilo atsopano, ndipo pamwezi amagwiritsa ntchito pafupifupi magigabaiti 9. Ali ndi njira zitatu. Akhoza kugula bandulo ya tsiku ya mamegabaiti 300 pa K500. Akhoza kugula bandulo ya mwezi ya magigabaiti 10 pa K10,000. Akhozanso kusayina kontirakiti ya miyezi 12 yomupatsa magigabaiti 20 pamwezi pa K14,000.

Poyang'ana mtengo wa gigabaiti imodzi, kontirakiti ikuoneka yopambana. Bandulo ya tsiku, ikagulidwa masiku 30, imakwana K15,000 pa magigabaiti 9, kutanthauza pafupifupi K1,670 pa gigabaiti. Ya mwezi ndi K1,000 pa gigabaiti. Kontirakiti ndi K700 yokha. Manambala amenewa ndi amene otsatsa malonda amakonda kuonetsa.

Koma mayiyu sagwiritsa ntchito magigabaiti 20. Amagwiritsa ntchito 9, ndipo 11 otsalawo amapita pachabe mwezi uliwonse. Akagawa K14,000 ndi magigabaiti 9 amene wadyadi, gigabaiti iliyonse yamudya pafupifupi K1,560. Pa bandulo ya mwezi, K10,000 kugawa ndi 9 ndi pafupifupi K1,110. Pachaka, mabandulo a tsiku amudya K180,000, kontirakiti K168,000, mabandulo a mwezi K120,000. Kwa iye njira yotchipa ndi bandulo yaikulu ya mwezi, osati kontirakiti, ndipo yodula kuposa zonse ndi imene imaoneka yopepuka tsiku ndi tsiku.

Funso lotsatira ndi lakuti kontirakitiyo imayamba kupindula pati. Yankho limapezeka pogawa ndalama ya kontirakiti ya mwezi ndi mtengo wa gigabaiti pa bandulo yabwino kwambiri ya kulipiriratu. Apa ndi K14,000 kugawa ndi K1,000, zimene zikupereka magigabaiti 14. Amene amagwiritsa ntchito ochepera 14 pamwezi akuluza pa kontirakitiyo, ndipo amene amapitirira 14 akupindula. Ofesi yaing'ono imene imamaliza magigabaiti 20 mwezi uliwonse ikanalipira K240,000 pachaka pa mabandulo, pamene pa kontirakiti ilipira K168,000. Yapulumutsa K72,000.

Palinso nkhani ya miyezi imene munthu sagwiritsa ntchito intaneti. Ngati mayi uja amapita kumudzi miyezi itatu nthawi ya dzinja kukalima, mabandulo ake a mwezi amakhala 9 okha pachaka, K90,000. Kontirakiti ikhalabe K168,000, chifukwa siidziwa za dzinja. Aliyense amene ntchito yake imayendera nyengo, monga mlimi wa fodya, msodzi, kapena wophunzira amene amapita kutchuthi, ayenera kuwerengera chaka chathunthu, osati mwezi umodzi wa ntchito yambiri.

Masamu onsewa amadalira nambala imodzi, ndiyo deta imene munthu amadyadi pamwezi. Anthu ambiri amangoganizira, ndipo amaphonya. Mafoni a Android amaonetsa nambalayi mu Settings, pa gawo limene kawirikawiri limalembedwa kuti Data usage, ndipo amaonetsanso pulogalamu imene ikudya kwambiri. Mauthenga a Mpamba, Airtel Money kapena a kubanki a miyezi itatu yapita amaonetsa ndalama zimene zapitadi ku mayunitsi. Miyezi itatu ndi yabwino kuposa umodzi, chifukwa mwezi umodzi ukhoza kukhala wa ukwati kapena maliro pamene foni inagwira ntchito mopitirira.

Kontirakiti yobwera ndi foni

Ku South Africa ndi ku Britain, kumene kuli a Malawi ambiri ogwira ntchito ndi ophunzira, kontirakiti yofala kwambiri ndi yobwera ndi foni yatsopano. Munthu amatuluka m'sitolo ndi foni yapamwamba asanalipire ndalama yambiri, nthawi zina asanalipire kalikonse. Foniyo si mphatso. Mtengo wake wagawidwa m'miyezi ya kontirakiti n'kusakanizidwa ndi mtengo wa mphindi ndi deta.

Kuti munthu aone zimene akulipira, ayenera kulekanitsa ziwirizo. Mwachitsanzo, ndi manambala ongoyerekezeranso, kontirakiti ya R400 pamwezi kwa miyezi 24 imakwana R9,600. Foni yomweyo ikugulitsidwa R5,000 pa kashi. Mphindi ndi deta zofanana, pa simukhadi yokha popanda foni, ndi R150 pamwezi, kapena R3,600 pa miyezi 24. Wogula foni pa kashi alipira R8,600 zonse pamodzi. Kusiyana kwa R1,000 ndiko mtengo wa ngongoleyo. Kwa munthu amene foni ndi chida chake cha ntchito koma alibe R5,000 lero, R1,000 pa zaka ziwiri ikhoza kukhala yomveka. Chofunika n'chakuti adziwe kuti akubwereka, ndiponso pa mtengo wanji. Nthawi zina masamuwa amaonetsa kuti kontirakiti ndiyo yotchipa, makamaka kampani ikamafuna kumaliza mafoni a chaka chatha.

Zinthu ziwiri zimapweteka anthu pa kontirakiti yotere. Choyamba, foni ikabedwa kapena kusweka mwezi wachitatu, miyezi 21 yotsalayo ilipiridwabe, pokhapokha ngati panali inshuwalansi, imene nayonso ndi ndalama ina pamwezi. Chachiwiri chimachitika kontirakiti ikatha. Pa mapangano ena bilu imapitirira pa mlingo womwewo ngakhale foni yamalizidwa kulipiridwa. Pa chitsanzo chija, munthu wopitiriza kulipira R400 pa zinthu za R150 akutaya R250 mwezi uliwonse. Makontirakiti a miyezi 36, amene akupezeka ku South Africa, amatsitsa ndalama ya mwezi koma amamanga munthu zaka zitatu, nthawi imene batire la foni likhoza kufooka ngongole isanathe.

Pali njira ina imene yafala mu Africa, yogula foni pa ngongole n'kumalipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata kudzera pa ndalama za pafoni. Kampani ya M-KOPA, imene inayambira ku Kenya, ndi imodzi mwa zodziwika pa malonda amenewa. Munthu akaphonya kulipira, foniyo imadzitseka mpaka atalipira. Ndalama ya tsiku imaoneka yaing'ono ngati ya mayunitsi, koma lonjezo lake ndi la kontirakiti, ndipo imafunika kuichulukitsa ndi masiku onse, kuphatikizapo dipoziti, n'kuyerekeza ndi mtengo wa kashi.

Mfundo za m'pangano zimene zimabweretsa mikangano

Mikangano yambiri ya makontirakiti imachokera pa mfundo zinayi zimene zimakhala zolembedwa koma siziwerengedwa.

Yoyamba ndi ya kukwera kwa mtengo. Anthu ambiri amaganiza kuti kontirakiti imamanga mbali zonse mofanana, koma mapangano ambiri amapatsa kampani mphamvu yokweza mtengo pakati pa nthawi. M'dziko ngati Malawi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa zipangizo za netiweki zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zotere imatsatira. Pangano limene lanena poyera kuti mtengo susintha mpaka kumapeto limateteza kasitomala pa nthawi ngati imeneyi. Limene lasiya khomo lotsegula silimuteteza konse.

Yachiwiri ndi ya intaneti yotchedwa yopanda malire. Kawirikawiri pamakhala mlingo wa deta umene munthu akaupitirira liwiro limatsitsidwa kwambiri mpaka mwezi utatha. Chizindikiro chake ndi intaneti imene imathamanga kumayambiriro kwa mwezi n'kumakwawa kumapeto kwake, mwezi ndi mwezi. Mlingowo umakhala wolembedwa m'pangano, ndipo ndiwo uyenera kugwiritsidwa ntchito powerengera mtengo wa gigabaiti.

Yachitatu ndi ya liwiro. Nambala yolembedwa pa chikwangwani nthawi zambiri ndi liwiro lapamwamba limene lingafikidwe, osati limene munthu azilipeza nthawi zonse. Pa intaneti yodalira nsanja, liwiro limatsika madzulo pamene anthu ambiri a dera limodzi alowa nthawi imodzi, ndipo limasiyana pakati pa nyumba ndi nyumba chifukwa cha mapiri, makoma ndi mtunda wa kunsanja. Njira yodalirika yoyesera ndi kugula simukhadi yolipiriratu ya kampani yomweyo n'kuigwiritsa ntchito sabata imodzi kapena awiri m'chipinda chenichenicho, m'mawa ndi madzulo, kontirakiti isanasayinidwe.

Yachinayi ndi ya zimene zili kunja kwa pangano. Kuimba kunja kwa dziko, kugwiritsa ntchito foni munthu ali m'dziko lina, ndi deta yopitirira mlingo wa mwezi zimalipiridwa padera. Wolipiriratu amangoona mayunitsi atha, koma wa kontirakiti amazidziwa bilu ikafika. Makampani ambiri amalola kuika malire a ndalama amene bilu isapitirire, ndipo malirewo ndi oyenera kuwapempha tsiku losayina.

Kumbali ya wolipiriratu, ngozi yofanana ndi imeneyi ndi kutaya nambala. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka, kenako nambalayo imapatsidwa kwa munthu wina. Masiku ano nambala imalumikizidwa ku akaunti ya ndalama za pafoni, ku banki ndi ku WhatsApp, choncho amene akupita kunja kwa miyezi yambiri ayenera kufunsa kampani yake utali wa nthawi imene nambala imaloledwa kugona, n'kumaigwiritsa ntchito nthawiyo isanakwane.

Chitetezo cha malamulo

Maiko ena anaika malamulo ochepetsa mavutowa. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la mu 2008 limalola munthu kuthetsa kontirakiti ya nthawi yoikika atapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale kampani ili ndi ufulu womulipiritsa chindapusa choyenera ndi ndalama zimene ali nazo kale ngongole. Kampani iyeneranso kumudziwitsa kontirakiti ikatsala pang'ono kutha. Kuyambira mu 2019, malamulo a bungwe la ICASA amakakamiza makampani kuchenjeza kasitomala bandulo ya deta ikafika pa 50, 80 ndi 100 peresenti, ndiponso kusamulipiritsa mtengo wa kunja kwa bandulo iye asanavomere.

Ku Britain, bungwe la Ofcom linalamula kuti kuyambira mu 2020 makampani azitumiza uthenga kwa kasitomala kontirakiti ikamatha. Mu Disembala 2021 linaletsa kugulitsa mafoni otsekeredwa ku netiweki imodzi, ndipo kuyambira mu Januwale 2025 kukwera kulikonse kwa mtengo pakati pa kontirakiti yatsopano kuyenera kulembedwa poyera m'mapaundi ndi mapeni munthu asanasayine.

Ku Malawi, makampani a foni ndi intaneti amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, pamene nkhani za chilungamo pa malonda zimapitanso ku bungwe la CFTC. Wodandaula amayamba kukampani yake, ndipo akapanda kuthandizidwa amapita ku mabungwewa. Dandaulo limayenda bwino pakakhala umboni: kope la pangano, mabilu, mauthenga otsimikizira kugula bandulo, ndi masiku amene vutolo linachitika. Lonjezo la pakamwa la wogulitsa silithandiza ngati silinalembedwe m'pangano.

Amene njira iliyonse imamuyenera

Kusankha kumatsamira pa zinthu zitatu: mmene ndalama zimabwerera, mmene foni imagwirira ntchito, ndi kukhazikika kwa munthu pamalo. Wa geni, waganyu, mlimi ndi wophunzira, amene ndalama zawo zimabwera mosiyanasiyana, amatetezeka pa kulipiriratu, ndipo phindu lawo lalikulu lili pa kuchoka pa timabandulo ta tsiku n'kusonkhanitsa ndalama ya bandulo ya sabata kapena ya mwezi. Chimodzimodzi munthu amene wangofika kumene m'dziko lachilendo, amene sakudziwa ngati ntchito ndi nyumba yake zikhalitsa.

Kontirakiti imayenera munthu kapena bizinesi imene ili ndi ndalama yodalirika mwezi uliwonse, imagwiritsa ntchito deta yambiri mosasinthasintha kupitirira malire aja opezeka powerengera, ndipo yayesa kale netiweki pamalo pamene idzagwirire ntchito. Sukulu, chipatala chaching'ono, ofesi ya maloya kapena malo ogona alendo, kumene intaneti kuduka tsiku limodzi kumaononga ntchito, ndi zitsanzo zabwino.

Pakati pa njira ziwirizi palinso mapangano a mwezi umodzi umodzi. Munthu amagula yekha foni kapena rauta, amalipira ndalama yokhazikika pamwezi, ndipo akhoza kusiya mwezi ukatha popanda chindapusa. Intaneti ya setilaiti ya Starlink, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, imayenda motere: zipangizo zimagulidwa poyamba, kenako malipiro a mwezi ndi mwezi. Mtolo wake uli pa ndalama yoyambira, imene sibwerera yonse munthu akasintha maganizo, choncho nayonso imafunika kuigawa m'miyezi imene chipangizocho chidzagwire ntchito n'kuiwonjezera pa malipiro a mwezi. Mabanja ndi mabizinesi ena amaphatikiza njira ziwiri, pangano la intaneti ya panyumba kapena paofesi pamene pamadyedwa deta yambiri, ndi simukhadi zolipiriratu m'mafoni oyenda nawo, imodzi mwa izo ya kampani ina kuti izithandiza tsiku limene netiweki yoyambayo yavuta.